Kodi alipo, tingadziwe, ndipo amalowerera? Kusiyana kwa deizimu, atheizimu ndi aginositisizimu

Thomas Paine anamwalira mumzinda wa New York mu June 1809, ndipo pa maliro ake panafika anthu asanu ndi mmodzi basi. Munthu ameneyu zolemba zake zinathandiza kwambiri Amereka pa nkhondo yodzichotsa mu ulamuliro wa Angerezi, koma pofika nthawi ya imfa yake anthu anali atamutaya chifukwa ankati ndi wokana Mulungu. Mbiriyo inam'kakamira ngakhale ali m'manda. M'chaka cha 1888 Theodore Roosevelt, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, anamutchulabe kuti kamunthu konyansa kokana Mulungu. Chodabwitsa n'chakuti buku limene linam'bweretsera chidani chonsechi, lomwe linatuluka mu 1794, kumayambiriro kwake kwenikweni Paine akunena kuti amakhulupirira Mulungu mmodzi ndipo akuyembekeza chimwemwe kutsogolo kwa moyo uno.

Anthu anam'lakwira Paine m'njira yomwe ifenso timalakwira anzathu. Munthu akasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti timangoti ndi wachikunja, kapena timam'ponyera ndime ya Salimo 14 ija yonena za chitsiru chimene chimati mumtima mwake kulibe Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'gulu la anthu amene timawaika m'thumba limodziwa muli magulu atatu osagwirizana, ndipo ena mwa iwo anakanganapo koopsa. Kusiyana kwawo kumaoneka bwino tikazindikira kuti sakuyankha funso limodzi. Pali funso lakuti kodi Mulungu alipo. Pali lina lakuti kodi munthu angathe kudziwa ngati alipo. Ndiye pali lachitatu, lakuti ngati alipo, kodi amalankhula ndi anthu ndi kulowerera m'zochitika za dziko. Atheizimu imayankha loyamba, aginositisizimu imaima pa lachiwiri, pomwe deizimu mkangano wake uli pa lachitatu.

Tiyambe ndi deizimu, popeza ndiyo ili pafupi kwambiri ndi chikhulupiriro chomwe ambiri tinakulira nacho. Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza Mulungu, ndipo wa deizimu sakayika n'komwe kuti Mlengi alipo. Chimene amakana ndi chivumbulutso, kutanthauza mabuku oyera, aneneri, masomphenya ndi zozizwitsa. Iye amati Mulungu amadziwika poyang'ana chilengedwe ndi pogwiritsa ntchito nzeru zimene munthu aliyense anabadwa nazo. Maganizowa anakula ku Ulaya nthawi imene Akatolika ndi Apulotesitanti anali ataphana zaka zambiri, mbali iliyonse ikunena kuti buku lili kumbali yake. Mngerezi wina, Edward Herbert, mu 1624 anafunsa kuti tikachotsa zonse zimene zipembedzo zimakanganirana, chotsala n'chiyani. Anapeza mfundo zisanu: kuti kuli Mulungu wamkulu, kuti ayenera kupembedzedwa, kuti khalidwe labwino ndiye mtima wa kupembedza, kuti munthu alape zoipa zake, ndi kuti kuli mphotho ndi chilango moyo uno ukatha. Taonani kuti pamndandanda umenewu palibe chimene mkulu wa mpingo angachikane. Vuto linali pa zimene zinasiyidwa kunja.

Mfundo ya Paine yotsutsa chivumbulutso ndi yosavuta kumva, ndipo mwina n'chifukwa chake inapweteka anthu kwambiri. Iye sanakane kuti Mulungu angathe kulankhula ndi munthu ngati atafuna. Anangoti Mulungu akalankhula ndi munthu mmodzi, chivumbulutsocho ndi cha munthu yekhayo. Munthuyo akauza wachiwiri, wachiwiri n'kuuza wachitatu, kwa onse otsatirawo chasanduka mphekesera, ndipo palibe amene ali wokakamizika kukhulupirira mphekesera. Dzuwa, nyenyezi ndi kusinthana kwa nyengo, izi aliyense amadzionera yekha, sizifuna womasulira ndipo palibe mlembi angazisinthe pokopera. Kwa Paine chilengedwe ndicho chinali buku la Mulungu. Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu wa Amereka, anachita zofananako ndi manja ake. Atakalamba anatenga lumo n'kudula ndime za m'Mauthenga Abwino, kumata pamodzi ziphunzitso za Yesu, n'kusiya zozizwitsa pamodzi ndi kuuka kwa akufa. Buku lakelo limathera pamene akunkhuniza mwala pakhomo la manda.

Kawirikawiri deizimu amaifotokoza ndi fanizo la wopanga wotchi amene anaipanga, kuipukusa, n'kuisiya iziyenda yokha. Fanizoli linapeza mphamvu Isaac Newton atasonyeza mu 1687 kuti lamulo limene limagwetsa chipatso pansi ndi lomwenso limayendetsa mwezi ndi mapulaneti. Ngati dziko likuyenda mwadongosolo chotere, anatero a deizimu, chozizwitsa chingakhale ngati mmisiri wabwerera kudzakonza pomwe analakwitsa, ndipo mmisiri wangwiro salakwitsa. Koma tisalikokere patali fanizoli. Si a deizimu onse amene ankati Mulungu sasamala za anthu. Herbert ankakhulupirira chiweruzo, Paine ankayembekeza moyo wina. Chimene onse ankagwirizana n'chakuti Mulungu saphwanya malamulo a chilengedwe chifukwa cha pempho la munthu, ndipo alibe mtundu kapena mpingo umene anaunong'oneza zinsinsi.

Wowerenga wa kwathu kuno akhoza kukumbukira nthano ya pa Kaphirintiwa, pomwe Chauta anatsika ndi mvula pamodzi ndi munthu ndi nyama, n'kumakhala nawo mwamtendere mpaka munthu atapeka moto umene unatentha tchire. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Mulungu wolenga kenako n'kuchoka, kodi imeneyi si deizimu? Ayi. Chauta wa makolo athu anapita kutali koma sanatseke makutu. Mvula ikakana anthu ankapita ku kachisi, monga kwa Makewana ku Msinja, kukathira nsembe, ndipo mizimu inali mkhalapakati wonyamula madandaulo. Wa deizimu akanaona mwambo wopempha mvula akanati n'kutaya ufa, pakuti mitambo ili ndi lamulo lake.

Chimene chinagwedeza deizimu si maulaliki a abusa koma chivomezi. Pa 1 November 1755, tsiku la Oyera Onse, m'mawa anthu ali m'matchalitchi, mzinda wa Lisbon ku Portugal unagwedezeka. Kenako nyanja inasefukira mumzinda, moto n'kuyaka masiku angapo. Anthu zikwi makumi angapo anafa. Tsoka limodzi lomweli likutionetsa bwino momwe magulu athuwa amaganizira.

Alaliki ambiri anati ndi chilango cha machimo a mzindawo. Yankho limeneli ndi la munthu wokhulupirira Mulungu wolowerera, ndipo funso lomuvuta ndi lakuti makanda amene anafera m'manja mwa amayi awo analakwa chiyani. Voltaire wa ku France, yemwe anali wa deizimu wotchuka kuposa onse, anafunsa funso lomwelo m'ndakatulo yake ya chaka chotsatira, n'kufunsanso ngati Lisbon inali yochimwa kuposa London kapena Paris kumene anthu ankavina. Wa deizimu sanganene kuti Mulungu anatumiza chivomezi, kwa iye nthaka inangotsata malamulo ake. Komatu apa sanapulumuke. Ngati umboni wako wonse wa Mulungu ndi dongosolo lokongola la chilengedwe, ndiye chivomezi nachonso ndi tsamba la m'buku lomwelo. Anaika malamulo ophwanya makanda ndani? Voltaire anakhalabe wokhulupirira Mlengi mpaka imfa yake, koma anasiya kunena kuti zonse zili bwino.

Apa ndi pomwe wa atheizimu amalowera. Iye amati deizimu yaima pakati pa njira. Mulungu amene salankhula, sayankha, ndipo sasintha kanthu kalikonse, akusiyana bwanji ndi Mulungu amene kulibe? Mu 1770 Baron d'Holbach anatulutsa buku, pogwiritsa ntchito dzina la munthu wina yemwe anali atamwalira kale poopa kumangidwa, lonena poyera kuti kuli chilengedwe chokha, chodziyendera chokha, popanda wochilenga. Voltaire anakwiya nalo bukuli n'kulemba zolitsutsa. Amene amaganiza kuti deizimu ndi atheizimu ndi pachibale aziona mkangano umenewu.

Mawu akuti atheizimu ndi a Chigiriki, ndipo amangotanthauza kukhala wopanda mulungu. Kalekale anali mawu otukwanira aliyense wosapembedza milungu ya mzinda. Akhristu oyambirira Aroma ankawatchula dzina lomweli chifukwa ankakana kufukiza lubani kwa milungu ya boma. Bishopu wokalamba Polycarp wa ku Smurna, pomuzenga mlandu cha m'ma 155, anamuuza kuti atemberere okana milungu, kutanthauza Akhristu anzake. Iye analoza khamu la anthu m'bwalomo n'kunena mawu omwewo. Tanthauzo la lero ndi lopapatiza: wa atheizimu sakhulupirira mulungu wina aliyense, kaya wa Baibulo, wa Korani, wa makolo, ngakhale Mlengi wachete wa a deizimu.

Zifukwa zimene amapereka zimagwera mbali ziwiri. Choyamba ndi chija cha Lisbon, vuto la kuipa: ngati Mulungu ali ndi mphamvu zonse ndiponso ndi wabwino kotheratu, bwanji mavuto osasankha achuluka chonchi? Kapena akufuna kuwaletsa koma sangathe, kapena angathe koma sakufuna. Okhulupirira ali ndi mayankho awo, monga ufulu wosankha umene munthu anapatsidwa, ngakhale yankho limeneli limagwira bwino pa nkhondo ndi umbanda kusiyana ndi pa chivomezi. Chachiwiri n'chakuti zinthu zimene kale zinkafuna Mlengi kuti zimveke zinapeza kufotokoza kwina. Charles Darwin atasonyeza mu 1859 momwe zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono mpaka kuoneka ngati zopangidwa ndi mmisiri, mwala umene deizimu inatsamirapo unasendezeka. Otsutsa atheizimu nawo amafunsa funso limene silinathe mpaka lero: nanga n'chifukwa chiyani pali chinthu m'malo mopanda kanthu, ndipo malamulo a chilengedwewo anachokera kuti?

Pali zinthu ziwiri zimene atheizimu si. Si kupembedza Satana, pakuti wokana Mulungu amakananso Satana, ziwanda ndi ufiti. Ndipo si kudana ndi Mulungu, chifukwa munthu sungakwiyire amene ukuti kulibe. Wamasiye amene akulira kuti Mulungu wandilakwira akadali wokhulupirira.

Mkati mwa atheizimu momwemo muli mzere wina wofunika. Kunena kuti "ndikukhulupirira kuti kulibe Mulungu" n'kosiyana ndi kunena kuti "sindikhulupirira kuti kuli Mulungu". Poyamba zimamveka ngati kusewera ndi mawu, koma ganizirani za bwalo la milandu. Woweruza akamasula munthu chifukwa umboni ndi wosakwanira, sananene kuti munthuyo sanabe mbuzi. Wangoti wodandaula walephera kutsimikiza. Katswiri wa filosofi wa ku Britain, Antony Flew, m'zaka za m'ma 1970 anagwiritsa ntchito fanizo la khothi lomweli ponena kuti udindo wobweretsa umboni uli pa amene akuti Mulungu alipo, ndipo mpaka umboniwo utabwera munthu ayambire pa kusakhulupirira. Woyamba uja, amene akuti kulibe, wanenapo kanthu ndipo nayenso ayenera kupereka zifukwa. Wachiwiriyu wangokana kukhutira. Akatswiri ambiri a filosofi amasunga dzina la atheizimu kwa woyambayo, pomwe anthu ambiri odzitcha dzinali masiku ano amatanthauza chachiwiri. Mikangano yochuluka pa nkhaniyi imakhala ya anthu awiri amene akugwiritsa mawu amodzi mosiyana osazindikira.

Ndipo wachiwiri uja waima pafupi kwambiri ndi gulu lathu lachitatu. Mosiyana ndi mayina enawa, la aginositisizimu tikudziwa amene analipanga ndi chaka chake. Anali Thomas Henry Huxley, wasayansi ya zamoyo amene ankateteza Darwin mwaukali, mu 1869. Iye anali m'kagulu kena ku London komwe mabishopu, asayansi ndi olemba mabuku ankakumana kukambirana nkhani zozama. Anaona kuti aliyense mmenemo anali ndi dzina la chimene amakhulupirira, ndipo onse, okhulupirira ndi okana omwe, ankalankhula ngati adziwa chinsinsi cha moyo. Iye yekha ndiye ankaona kuti sakudziwa. Anatenga mawu a Chigiriki otanthauza chidziwitso n'kuwaika kachilembo kokanira kutsogolo. Tsinde lake ndi lomwe lili pa guwa lija Paulo anaona ku Atene pa Machitidwe 17, lolembedwa kuti kwa Mulungu wosadziwika.

Kwa Huxley ichi sichinali chikhulupiriro chatsopano koma lamulo la kaganizidwe: tsata nzeru zako mpaka pomwe zingakufikitse, koma usanene kuti watsimikiza chinthu chimene sichinatsimikizike. Ena amaganiza kuti kusadziwa kotere ndi ulesi, kapena mantha a munthu wosafuna kukhumudwitsa mbali iliyonse. Moyo wa Huxley ukutsutsa zimenezo. Mu 1860 mwana wake woyamba, mnyamata wa zaka pafupifupi zinayi, anamwalira atadwala masiku ochepa. Mnzake wina yemwe anali mbusa, Charles Kingsley, anamulembera kalata yomutonthoza ndi chiyembekezo cha moyo wosatha. Huxley anayankha mwaulemu kuti sakukana moyo wosatha ndipo sakuuvomereza, koma sangakhulupirire chinthu chifukwa chongoti mtima wake ukuchifunitsitsa. Pa maganizo anga, pa anthu onse a m'nkhani ino, ameneyu ndiye analipira mtengo wowawa kwambiri pa mfundo yake, chifukwa anakana chitonthozo nthawi imene aliyense akanam'khululukira kuchilandira.

Aginositisizimu nayo ili pawiri. Tiyerekeze ndi anthu amene akukangana ngati pansi pa munda wina pali madzi. Wina akuti sitikudziwa chifukwa sitinakumbe mokwanira, mwina mawa tidzadziwa. Mnzake akuti pansipa pali thanthwe limene khasu lililonse silingaboole, choncho sitidzadziwa mpaka kalekale. Woyambayo akungofotokoza pomwe iye wafika. Wachiwiriyo akunena chinthu chachikulu, chakuti nzeru za munthu zili ndi malire ndipo Mulungu, ngati alipo, ali kuseri kwa malirewo. Maganizo achiwiriwa ndi akale kuposa dzina lake. Protagoras wa ku Girisi, zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, anati za milungu sangathe kudziwa ngati ilipo kapena kulibe, chifukwa nkhaniyo ndi yobisika ndipo moyo wa munthu ndi waufupi. Tikabwerera ku Lisbon, munthu wotere anganene kuti chivomezi chikuvutitsa chikhulupiriro cha Mulungu wachikondi, dongosolo la nyenyezi likuvutitsa wokana Mlengi, ndipo palibe mwa ziwirizi chimene chikutseka mlandu.

Popeza kudziwa ndi kukhulupirira ndi zinthu ziwiri, munthu mmodzi akhoza kukhala m'magulu awiri nthawi imodzi. Katswiri wina wa filosofi wa ku Britain, Bertrand Russell, anavomera yekha vuto limeneli. Anati polankhula ndi akatswiri a filosofi amadzitcha wosadziwa, chifukwa alibe umboni wotsimikiza kuti kulibe Mulungu, koma polankhula ndi munthu wamba ayenera kudzitcha wokana Mulungu, chifukwa milungu ya Agiriki akale nayonso sangaitsutse ndi umboni, komabe palibe amene amaiganizira mozama. Mbali inayo ziliponso. Alipo Akhristu ndi Asilamu amene amanena mosabisa kuti sangatsimikize kuti Mulungu alipo, koma asankha kukhulupirira. Oterewa pa funso la kudziwa ali limodzi ndi Huxley, pa funso la kukhulupirira ali limodzi ndi mpingo. Darwin mwiniyo, amene ambiri amam'tenga ngati tate wa okana Mulungu, analemba m'kalata mu 1879 kuti sanakhalepo wokana kuti Mulungu alipo, ndipo dzina la Huxley lija ndilo linkamuyenera kwambiri.

Ndiye mukakumana ndi munthu wonena kuti sapemphera, mungam'dziwe bwanji? Kusapemphera pakokha sikunena kanthu. Pa kalembera wa 2018 ku Malawi, anthu pafupifupi awiri mwa 100 alionse anati alibe chipembedzo, koma funso la kalembera limafunsa za chipembedzo, osati za Mulungu. Mwa anthu amenewo muli amene anangokhumudwa ndi atsogoleri a mpingo koma usiku amagwadabe. Funso lothandiza ndi lakuti dziko lino linachokera kuti. Akati linalengedwa, mufunseni ngati Mlengiyo amamva mapemphero ndiponso ngati anatumizapo mneneri. Akakana zimenezi, mukulankhula ndi wa deizimu, ngakhale iye mwini dzinalo sanalimvepo. Akati palibe analilenga, ndi wa atheizimu. Akati sakudziwa, mufunsenso ngati akuganiza kuti alipo munthu amene akudziwa, ndipo yankho lake likuuzani ngati ndi uja wosakumba mokwanira kapena uja wa thanthwe.

Anthu amasamukanso kuchoka gulu lina kupita lina, ndipo si nthawi zonse pamene amalowera mbali imodzi. Flew uja wa fanizo la khothi, atateteza atheizimu zaka zoposa makumi asanu, analengeza mu 2004 kuti wasintha maganizo, ponena kuti kuvuta kwa kapangidwe ka zamoyo kwam'khutiritsa kuti pali nzeru ina kuseri kwake. Nkhaniyi inalalikidwa m'maguwa ambiri ngati kutembenuka mtima, pomwe anzake akale ena ankati ndi ukalamba chabe. Koma iye anafotokoza momveka kuti Mulungu amene wam'vomereza ndi wofanana ndi wa Jefferson, Mlengi wosalowerera m'zochita za anthu. Sanalowe mpingo uliwonse, ankanenabe kuti sakhulupirira moyo wina kuseri kwa manda, ndipo anamwalira mu 2010 akudzitcha wa deizimu.